Pa kamera nkhope yanga ikungooneka mdima: ndikonze chiyani intavyu isanafike?

Funso: "Ndaitanidwa ku intavyu ya ntchito ya akawunti. Idzachitika pa Microsoft Teams Lachinayi la sabata yamawa, muno mu Julaye, nthawi ya 3:30 masana. Ndayeserera ndi mng'ono wanga koma akuti akungoona magalasi ndi mano, nkhope yonse bii. Ndine wakuda ndithu. Ndimachita lendi ku Chilinde, ndipo pabalaza pali windo limodzi loyang'ana kolowera dzuwa ndi babu limodzi kudenga. Ndimakhala pa sofa, windo lili kumbuyo kwanga, laputopu pakatebulo. Laputopuyo ndi yakale, foni ndiye yabwinoko. Kodi ndigule kamera ina, kapena nyali yozungulira ija amajambulira atsikana? Ndalama zake n'zovuta." Mayi wa ku Chilinde, Lilongwe

Achemwali, ndalamazo zisungeni kaye. Kamera yatsopano mukaiika pakatebulo pomwepo, inu n'kukhala pa sofa yomweyo, idzajambula mdima womwewo. Chofunika kusuntha ndi mpando, ndipo ndikufuna mumvetse chifukwa chake, kuti tsikulo zinthu zikasintha mudzathe kudzikonzera nokha.

Kamera ya laputopu imadzisankhira yokha kuti chithunzi chiwale motani. Imayang'ana zonse zomwe zili patsogolo pake, zowala ndi zakuda zomwe, n'kuyesa kuti zonsezo pamodzi zikhale pakatikati. Koma ilibe mphamvu yowalitsa mbali imodzi n'kusiya ina: ikachepetsa, imachepetsa chithunzi chonse. Ndiye masana windo limawala kuposa m'kati mwa nyumba kutali kwambiri. Kamera ikaona windo lanu lija imaganiza kuti kwawalitsa, imachepetsa. Nkhope yanu, yomwe inali kale mumthunzi popeza kuwala kukukugundani kunkhongo, imatsikira limodzi. Munthu amene wakhala nanu pabalazapo amakuonani bwinobwino chifukwa maso athu amatha kuona chowala ndi chakuda nthawi imodzi. Kakamera ka laputopu sikangathe.

Nkhani ya khungu imalowa apa. Khungu lakuda limabweza kuwala kochepa poyerekeza ndi khoma lopaka laimu kapena bulauzi yoyera, choncho chinthu chilichonse choyera chomwe chatenga malo aakulu m'chithunzi chimakankhira nkhope yanu kumdima msanga kuposa ya munthu woyererapo. Si kuti khungu lakuda silijambulika. Likalandira kuwala kofewa kochokera kutsogolo limatuluka bwino kwabasi, masaya ndi mphumi n'kumaoneka maumbidwe ake. Kungoti silikhululukira kukhala molakwika.

Mukhoza kudzionera nokha lero lomwe. Tsegulani pulogalamu ya Camera pa laputopu, khalani pamalo panu pa masiku onse, ndipo wina atseke windo ndi bulangete. Pakapita kamphindi mudzaona chithunzi chikuwala chokha, nkhope n'kuyamba kuoneka, ngakhale kuti m'nyumba mwada kuposa poyamba. Chidzakhala chithunzi cha timadontho, chosakongola, koma chidzakuonetsani kuti amene amakubisani ndi windo.

Tsopano tembenukani. Kokerani tebulo pafupi ndi windo, mukhale moyang'ana kunja, laputopu ili pakati pa inu ndi windolo. Kuchokera pa windo kufika pa nkhope yanu pakhale mita imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Ine ndimakonda kuti munthu asalunjike windo ndendende, koma alipatuke pang'ono, moti likhale kutsogolo chakumanja kapena chakumanzere. Mukatero tsaya limodzi limawala kuposa linzake pang'ono ndipo nkhope imaoneka yamoyo, komanso laputopu siyikutsekerezani kuwala. Musapitirize mpaka windo lifike pambali penipeni, pakhutu, chifukwa apo theka la nkhope limawala, theka linalo n'kuda.

Windo lanu lili ndi vuto lake lapadera. Likuyang'ana kumadzulo, ndipo intavyu ndi ya 3:30. Mu Julaye ku Lilongwe dzuwa limalowa cha m'ma 5:30, ndiye pa nthawi yanuyo lidzakhala litapendeka kale, likulowa m'nyumba mwachindunji, chakumpoto pang'ono. Dzuwa lotere likakugundani kumaso mumatsinzina, mphumi imayera mbuu, ndipo zitsulo za pawindo zimajambula mizere yake pankhope. Mankhwala ake ndi nsalu yoyera. Tengani nsalu yoyala pabedi yoyera, yopyapyala, muikolowetse pawindo lonse ndi mapegisi. Dzuwa likagunda nsaluyo, nsalu yonse imasanduka nyali yaikulu yofewa, ndipo kunena zoona ndi nyali yabwino kuposa imene mukadagula. Ngati muli ndi makatani a neti okha, apindeni kawiri. Chitenje ayi, ngakhale chikhale chokongola chotani: chofiira chidzakufiiritsani, chobiriwira chidzakuonetsani odwala. Onetsetsaninso kuti palibe kampata m'mbali kolowetsa kadzuwa, chifukwa pamene mukuyankha mafunso dzuwa likuyenda, ndipo kamzere kowala komwe kanali pakhoma pa 3:30 kakhoza kudzakhala patsaya panu pa 4 koloko.

Amene windo lawo likuyang'ana kum'mawa vuto limeneli amalipeza m'mawa, masana kuli bwino. Miyezi yozizira ino, pamene dzuwa limadutsa chakumpoto, windo loyang'ana kummwera ndiye labwino koposa, chifukwa limalandira kuwala kofewa tsiku lonse popanda nsalu.

Mukakhala chopatuka muja, mbali ya nkhope yomwe ili kutali ndi windo ikhoza kuda kuposa mmene mukufunira. Musayatse nyali ina. Pezani chinthu choyera chachikulu, kaya kumbuyo kwa kalendala, kaya katoni yomata mapepala oyera, kaya thaulo loyera lopachika pa mpando, muchiimike mbali yamthunziyo, pafupi ndi phewa koma kunja kwa chithunzi. Chimabweza kuwala kwa windo n'kukuponyera patsaya. Chisunthireni pafupi kapena kutali uku mukudziyang'ana pa sikirini, mudzaona mthunzi ukuchepa. Pepala loyera loyala patebulo, patsogolo panu, limachita zomwezo kumthunzi wapansi pa chibwano ndi wa m'maso. Pa khungu lakuda zinthu ziwiri zaulerezi zimasintha chithunzi kwambiri kuposa batani lililonse la mu Teams.

Kutembenuka kuli ndi phindu lina. Kuwala kwa windo kumachepa mukamalowa m'kati mwa chipinda, ndiye inu amene muli pafupi mumawala kuposa khoma la kumbuyo kwanu. N'zimene tikufuna: nkhope ikhale chinthu chowala koposa m'chithunzi, kapena isaposedwe kwambiri ndi china chilichonse. Choncho musatsamire khoma. Pakati pa msana wanu ndi khoma pakhale mita imodzi kapena iwiri ngati chipinda chikulola. Ngati khomalo ndi loyera kwambiri ndipo kamera ikukudetsanibe, pachikanipo nsalu yopanda maluwa, yotuwa kapena yabuluu wosawala. Chitseko chotsegula chomwe chikuonetsa panja chitsekeni, chifukwa nacho chili ngati windo lina. Galasi lodziyang'anira ndi mafelemu a zithunzi onyezimira muchotse.

Zovala nazo zili m'chithunzi momwemo. Bulauzi yoyera mbee ndi imene anthu ambiri amathamangira pa intavyu, koma pa kamera imakulandani kuwala. Valani yabuluu, yobiriwira mozama, kapena yofiirira. Ngati mukufuna yoyerayo ndithu, valani jekete pamwamba kuti choyera chitsale pakhosi pokha. Nsalu ya timizere ting'onoting'ono imanjenjemera pa sikirini, isiyeni.

Babu la kudenga lizimitseni masana. Kuwala kochokera pamwamba pa mutu kumawalitsa mphumi ndi nsonga ya mphuno, maso n'kulowa m'maenje, ndipo maso ndi amene ofunsa mafunso amafuna kuona. Palinso nkhani ya mtundu. Pa bokosi la babu pamakhala nambala yothera ndi K. Lolembedwa 2700K kapena 3000K, lija amati Warm White, limawala mwachikasu. Lolembedwa 6500K, Cool Daylight, limawala moyera, kufupi ndi kuwala kwa masana. Kamera imatha kuzolowera mtundu umodzi pa nthawi imodzi. Ikapeza chikasu chochokera kudenga ndi kuwala kwa windo, imasankha chimodzi, ndipo mumapezeka mphumi ndi yachikasu kapena tsaya labuluu.

Komabe nyali mukhale nayo pafupi, chifukwa ma intavyu amachedwa. Mwina akuyamba ndi anthu ena atatu, inu n'kukudikiritsani pakhomo pa Teams mpaka 4:30, ndipo pofika 5 koloko windo lanu lidzakhala likufiira n'kumazilala. Kamera ikasowa kuwala imadzikakamiza, ndipo zizindikiro zake ndi ziwiri: chithunzi chimadzaza timadontho toyendayenda, komanso mukagwedeza mutu kapena dzanja limasiya chizimezime. Apa ngakhale netiweki ikhale yabwino simungaoneke bwino. Ikakhala yofooka ndiye zimanyanya, chifukwa timadontho tija natonso timafunika kutumizidwa, timadya malo omwe akadanyamula nkhope yanu. Anthu ambiri amadandaula netiweki pamene vuto ndi mdima.

Nyali yake siyofuna zambiri. Babu la LED la mawati 9, la 6500K kuti ligwirizane ndi windo, mu nyali ya patebulo kapena pa chingwe chokhala ndi choikamo babu, likukwana. Likhale kuseri kwa laputopu, chapambali pang'ono mbali yomweyo ya windo, ndipo likwere kuposa maso anu ndi chikhatho chimodzi kapena ziwiri. Babu lopanda chophimba limabaya, limapanga kadontho kowala pamphumi ndi mithunzi yakuthwa. Lifewetseni poika pepala loyera kapena kansalu koyera patsogolo pake, motalikirana nalo pang'ono, osaligunditsa. Ndi mababu akale a waya aja musayese zimenezi, amatentha. Njira ina ndi kulilozetsa kunsalu ya pawindo ija kapena kukhoma loyera lomwe lili patsogolo panu, kuti kuwala kubwerere kwa inu kutafalikira.

Mtunda wa nyali ndi wofunika kuposa mphamvu yake. Mukaichotsa pa mita imodzi n'kuiika pa mamita awiri, kuwala kofika pankhope sikutsika ndi theka, kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. N'chifukwa chake kanyali kakang'ono kali patebulo kamaposa babu lalikulu lili kudenga. Ndipo izi zimakupulumutsani magetsi akazima: nyali yotchaja kapena ya sola, yoikidwa pafupi, imagwira ntchito bwinobwino. Itchajeni idzaze m'mawa wa tsikulo, chifukwa zambiri zimazilala pang'onopang'ono batire likamatha, inu osazindikira. Tochi ya foni isungireni pamavuto enieni, ndipo musadziwalitse nayo kumaso, iwalitseni papepala loyera.

Mukayatsa babu n'kuona mizere yakuda ikuyenda m'chithunzi, kapena chithunzi chikuphethira, laputopu sinaonongeke. Magetsi a kuno amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi, pamene makamera ena amabwera atatcheredwa pa 60, monga magetsi a ku America, ndipo mababu ena otchipa amaphethira motsatira magetsiwo. Makamera ena ali ndi posinthira polembedwa PowerLine Frequency kapena Anti Flicker, pomwe mumasankha 50 Hz. Mukapanda kupapeza musataye nthawi, yesani babu lina kapena nyali ya batire. Nyali za batire zina zimaphethiranso mukazichepetsa mphamvu, ndiye iyatseni yonse, ndipo ngati yawalitsa muisunthire kutali.

Tibwere ku kamera. Sofa ndi katebulo kakafupi zimachititsa kuti laputopu ikhale m'munsi, sikirini itagonekedwa chagada kuti ikupezeni. Ofunsa mafunso amaona chibwano, mphuno ndi denga, ndipo inu mumaoneka mukuwayang'ana chotsika. Palinso china chomwe anthu sachidziwa: kamera yoyang'ana m'mwamba imaona denga loyera kapena babu lenilenilo, n'kuchepetsa kuwala monga inachitira ndi windo lija. Kukweza kamera kumakonza zonse ziwiri.

Khalani pa mpando wolimba, wa patebulo lodyera, muwongoke mmene mudzakhalire tsikulo. Wina ayeze ndi chingwe kuchokera patebulo kufika m'maso mwanu, kenako kuchokera patebulo kufika pa kakamera ka pamwamba pa sikirini. Kusiyana kwake ndi msinkhu wa zinthu zoti muike pansi pa laputopu. Pa tebulo wamba, maso a munthu wamkulu amakhala pafupifupi masentimita 40 mpaka 45 pamwamba pa tebulo, pamene kamera ya laputopu yapakatikati imakhala cha pa 22. Ndiye mukufunika masentimita 20 kapena kuposerapo pang'ono. Paketi ya mapepala 500 a ofesi ndi yochindikala pafupifupi masentimita 5, choncho mapaketi anayi akwana. Mabuku anu a akawunti aja nawonso akwana, kapena katoni yolimba, kapena beseni lovundikira. Chachikulu chisagwedere mukagunda tebulo.

Mukakweza, imikani sikirini chilili, isagonere kumbuyo. Poonera kuti zakhala bwino ndi mizere ya m'chipinda: felemu ya chitseko ndi ngodya ya khoma zioneke zowongoka, zisapendekere m'kati, ndipo denga lisaoneke n'komwe. Kamera ikakwera kuposa maso ndi zala ziwiri palibe vuto, anthu ambiri amaoneka bwino choncho. Ikakwera kwambiri mumaoneka ochepa, mukuyang'ana m'mwamba mopempha, ndipo pa intavyu simukufuna zimenezo.

Mtunda wake ndi mkono. Tambasulani dzanja, nsonga za zala zikhudze sikirini, ndiye kuti muli pa masentimita 60 kapena 70. Makamera a laputopu ndi a kutsogolo kwa foni amaona motambalala, ndipo chinthu chomwe chawayandikira amachikulitsa. Mukaweramira pafupi, mphuno ndi mphumi zimafufuma, makutu n'kuthawira kumbuyo, ngati mukudziyang'ana kumbuyo kwa supuni. Mukapita kutali kwambiri nkhope imachepa, ndipo pa sikirini ya ofunsa mafunso, pomwe mwina mwagawana malo ndi anthu anayi, maso anu saonekanso. M'chithunzi muoneke kuyambira pachifuwa, mapewa onse awiri alowe, ndipo pamwamba pa mutu patsale kampata ka zala ziwiri kapena zitatu. Ngati tsitsi mwamanga lalitali, lilowe lonse, koma maso akhalebe chakumtunda kwa chithunzi, osati pakati penipeni. Popeza laputopu yatalikira, valani mahedifoni okhala ndi maikolofoni kuti mawu asamveke patali.

Poyankha funso yang'anani kamera, osati nkhope za pa sikirini. N'zovuta, chifukwa mwachibadwa timayang'ana amene tikulankhula naye, koma kwa iwo mukayang'ana sikirini mumaoneka mwazyolika. Chepetsani windo la Teams n'kulikokera pamwamba, pansi pa kamera penipeni, kuti maso asamayende mtunda wautali. Timfundo tanu lembani pa kapepala, mumate pambali pa kamera, osati patebulo. Ndipo mukatsimikiza kuti mukuoneka bwino, bisani chithunzi chanu. Mu Teams, pa kachithunzi kanu pali Hide for me, mu Zoom ndi Hide Self View. Iwo amakuonanibe, koma inu mumasiya kudziyang'anitsitsa. Pomvetsera funso, yang'anani nkhope zawo momasuka.

Magalasi tsopano, ndipo apa ndi pamene ndikukanizirani nyali yozungulira ija. Imapangidwa kuti kamera ikhale pakati pake, kuwala kuchokere kutsogolo ndendende. Kwa wovala magalasi zotsatira zake ndi mikombero iwiri yoyera pamalo pomwe pamayenera kukhala maso. Galasi limabweza kuwala mofanana ndi mmene kwabwerera: kochokera kutsogolo kumabwerera kutsogolo, mu kamera, pamene kochokera m'mwamba chapambali kumabwerera pansi chambali inayo, kamera osakuona. Ndiye mukaona windo kapena nyali ikunyezimira m'magalasi, yambani ndi kuzungulira pang'ono pamodzi ndi laputopu kuti windo lipite chapambali. Ngati ndi nyali, ikwezeni. Zikakanika, kwezani timiyendo ta magalasi pang'ono pamwamba pa makutu kuti magalasiwo aweramire pansi. Kutsogolo sizioneka, koma kunyezimira kumachoka. Kutsitsa chibwano pang'ono kumathandizanso.

Nthawi zambiri chonyezimiracho ndi sikirini yanu yomwe. Mudzachizindikira chifukwa ndi cha makona anayi, chobiriwira kapena chabuluu. Chepetsani kuwala kwa sikirini mpaka theka, ndipo musasiye tsamba loyera la Word kapena Excel lili chitsegukire. Nkhope ikawala mokwanira ndi windo, chithunzi cha sikirinicho chimazimirira chokha. Kuvula magalasi ndi njira yomaliza, ndipo ngati simuona bwino popanda iwo musavule, chifukwa kutsinzina kumaoneka koipa kuposa kunyezimira.

Mafuta odzola achepe tsikulo, makamaka pamphumi ndi pamphuno. Khungu lathu likanyezimira pang'ono limakongola, koma kakamera kotchipa kamasandutsa malo onyezimirawo zigamba zoyera zopanda kanthu. Khalani ndi kansalu pafupi, muzidinda nako osati kupukuta, kutatsala mphindi zochepa. Ngati mumadzola paudala, wochepa wofanana ndi khungu lanu akwana. Woyererapo amaoneka phulusa pa kamera.

Mwanena kuti foni ndi yabwinoko. Zikhoza kutheka kuti ikuposadi, chifukwa makamera a malaputopu ambiri akale amathera pa 720p, chithunzi chochepa tsatanetsatane, pamene mafoni ambiri amazindikira nkhope n'kuiwalitsa. Koma musasankhe musanakonze kuwala. Mukatha kukonza zonsezi, pukutani magalasi a makamera onse awiri ndi kansalu kofewa, popeza mafuta a zala amachititsa chifunga, kenako muyerekeze. Ngati kusiyana kwake n'kochepa, ine ndingasankhe laputopu. Pa ntchito ya akawunti akhoza kukuonetsani tsamba la manambala kapena kukuuzani kuti mutsegule Excel, ndipo pa foni mudzavutika. Foni imatenthanso ikakhala padzuwa pawindo, ndipo wina akaimba vidiyo imaduka. Mukasankha foni, igonekeni cham'mbali osati choimika, muyatse Auto rotate ndi Do Not Disturb, muitsamiritse pa chinthu cholimba pa msinkhu wa maso womwe uja. Musaigwire m'manja. Dziwaninso kuti mukakonza kuwala mu kamera ya foni podina pankhope, zimenezo sizikutsatirani mu Teams, zimathera momwemo.

Za mabatani a m'mapulogalamu ndinena mwachidule, chifukwa ndi zokometsera chabe. Mu Teams muli Adjust brightness, mu Zoom muli Adjust for low light. Amawalitsa chithunzi, koma pamodzi ndi timadontho take, ndipo khungu lakuda nthawi zina amalituwitsa. Yesani, ngati nkhope ikuoneka kale bwino asiyeni. Soft focus ya mu Teams ndi Touch up my appearance ya mu Zoom amasalaza khungu mpaka kuchotsa tsatanetsatane yemwe tikumuvutikirayu. Zithunzi zonamizira za kumbuyo, za ofesi yokongola zija, zimadya m'mphepete mwa tsitsi ndi makutu, makamaka tsitsi lakuda likakhala patsogolo pa malo akuda, komanso zimalemetsa laputopu yakale. Khoma lenileni losesedwa bwino limaposa. Ngati kumbuyo kuli katundu woti simungamusunthe, Blur yokha ikwana.

Muyeserere ndi mng'ono wanu uja kachiwiri, koma pa 3:30 penipeni, tsiku limodzi kapena awiri intavyu isanafike, pa Teams pomwepo, mutavala zomwe mudzavale. Iye akhale kwina, pa data yake, ndipo ajambule sikirini yake akutumizireni. Chimene mumaona inu pa laputopu ndi chithunzi chomwe sichinadutse pa netiweki, ndiye chimakunamizani. Chimakhalanso chotembenuzidwa monga pagalasi, choncho musadabwe mukaona kuti kwa iye mbali zasinthana. Pa chithunzi chomwe atumizecho yang'anani ngati mukutha kusiyanitsa choyera cha diso ndi chakuda chake, ndiponso ngati nsidze zikusiyana ndi khungu. Zikaoneka, kuwala kwakwana. Ngati nkhope yada koma khoma likuoneka bwino, m'chithunzi mudakali chinthu chowala kwambiri, chipezeni muchichotse. Ngati zonse zili ndi timadontho, kuwala n'kochepa, senderani kuwindo kapena muchotse nsalu imodzi ngati munapinda kawiri. Ngati mphumi yayera koma maso ali mumdima, kuwala kukuchokera pamwamba kwambiri.

Musadule foni msanga. Chezani mpaka 4:30 kapena 5 koloko, ajambulenso, kuti muone mmene windo lanu limasinthira komanso nthawi yomwe nyali iyenera kuyatsidwa. Ngati mwaona kuti pofika 4:30 kwayamba kuda, tsiku la intavyu yatsani nyaliyo kuyambira pachiyambi, kuti musadzadzuke pakati pa funso. Mukakhutira, lembani ndi choko pansi pomwe pali miyendo ya tebulo ndi ya mpando, ndipo mabuku ndi nsalu ya pawindo muzisunge pamodzi, chifukwa pabalaza pa nyumba ya banja zinthu sizigona pomwe mwazisiya. Lachinayilo dzalowani mu Teams kutatsala mphindi 15. Musanadine Join now pamaoneka chithunzi chanu, ndipo ngati kunja kwachita mitambo, chotsani nsalu ija pawindo, popeza mitamboyo yafewetsa kale kuwala.